Mafunso ndi mayankho: kuonetsa chisoni kapena kunyadira mu pulompiti ya makina opanga zithunzi pofotokoza thupi ndi nkhope ya munthu

Ndalemba `sad man` koma akutuluka munthu akulira misozi mbwembwembwe, nthawi zina nkhope yongoti ndwii basi. Chavuta nchani?

Makina opanga zithunzi ngati Stable Diffusion kapena Midjourney sadziwa chisoni, anangophunzira pa zithunzi zambirimbiri zomwe chilichonse chinali ndi timau tofotokoza pansi pake. Nde taganizani zithunzi zomwe anthu amalembapo `sad` pa intaneti, mwana akulira, mzimayi wagwira nkhope ndi manja onse awiri, munthu ali pawindo kunja kukugwa mvula, kachidole kankhope yachikasu kokhala ndi msozi umodzi. Zonsezo zinalowa m'liu limodzi lomwelo. Inu mukalemba liulo makinawo amangotola chomwe chimabwera kawirikawiri, kapena kusakaniza zonse mpaka kutuluka chinthu chapakatikati chosadziwika bwino, ndi ija nkhope ya ndwii mukunenayo.

Vuto lina nlakuti liu lotere silikhala pankhope pokha, limatayikira pachithunzi chonse. Mupeza kuwala kwazilala, mitundu yapita ku buluu ndi imvi, mvula yomwe simunaipemphe yayamba kugwa. Ndi `proud` nchimodzimodzi, mudzaona manja apingasa pachifuwa, suti, mendulo, mwinanso mbendera kumbuyo. Pomwe mau ngati `shoulders slumped forward` amaloza chinthu chimodzi chooneka ndi maso, makina alibe mpata waukulu woti aziganizira okha.

Nde pankhope ya munthu wachisoni ndilembe chani kwenikweni?

Yambirani pa nsidze, osati pa misozi. Munthu akamva chisoni mbali ya nsidze yoyandikana ndi mphuno imakwera m'mwamba nkukokerana pakati, nsidze nkupendekera kunja ngati denga, ndipo pakati pa chipumi pamachita timakwinya tochepa. Charles Darwin analemba za nsidze zopendekekazi kale mu 1872, ndipo mu 1978 Paul Ekman ndi Wallace Friesen atatulutsa ndondomeko yawo ya FACS yowerengera kayendedwe ka minofu ya nkhope, kukwera kwa mkati mwa nsidze anakupatsa dzina la AU1, kukokerana pansi ndi pakati AU4, kugwa kwa ngodya za milomo AU15. Manambala amenewa musawalembe mu pulompiti, mau aja mumalembera makina kuti ajambule, makina ambiri sawamva, ntchito yake nkukuthandizani inuyo kudziwa poyang'ana.

```
inner eyebrows raised and drawn together, heavy upper eyelids,
eyes lowered and unfocused, corners of the mouth pulled slightly down
```

Chenjerani apa, chifukwa pakati pa chisoni ndi mkwiyo mpata wake ndi wochepa kwambiri ndipo uli pa nsidze pomwepo. Mukangolemba `furrowed brow` kapena `frowning` osanena kuti mkati mwa nsidze mwakwera, nsidze zimatsika zonse ndipo munthu wanu atuluka wolusa, ngati wina wamubera. Mukafuna kudziwa kuti chatuluka nchiti yang'anani mbali ya nsidze yakumphuno, ikaloza pansi ndi mkwiyo, ikaloza m'mwamba ndi chisoni.

Zikope nazo zili ndi msampha wake. `heavy eyelids` yokha popanda nsidze zija imabweretsa munthu wa tulo kapena woledzera. Pamilomo liu loti `slightly` likufunika, mukalisiya mulandira mlomo wopindika ngati wa katuni. Ngati mukufuna munthu yemwe akudzigwira kuti asalire, onjezani `lips pressed together, chin tensed`, kaja kachibwano kochita timabowomabowo munthu akamameza misozi, zimenezi zimagwira mtima kuposa misozi yeniyeniyo, komanso misozi makina ambiri amaijambula moipa, imaoneka ngati mafuta kapena phula losungunuka pamasaya.

Nanga thupi?

Thupi lachisoni limachepa, limabwerera mkati. Mutu umazyolika, mapewa amagwa nkubwera kutsogolo, msana umapindika chakumtunda, chifuwa chimalowa mkati, manja amasowa chochita. Manjawo ndi omwe anthu ambiri amaiwala, ndipo mukapanda kuwapatsa malo makina amawaika pomwe anazolowera, mthumba kapena m'chiuno ngati munthu wotsatsa zovala, basi chisoni chonse chathera pompo. Nenani kuti ali pati, akulendewera pakati pa mawondo, agwira chinthu mofooka, kaya ali pamiyendo zikhato zili chagada.

Munthu wokhala pansi savuta kumuonetsa chisoni kusiyana ndi woimirira, chifukwa zigongono pamawondo zimapinda msana wonse zokha. Akakhala woimirira muyenera kunena komwe kulemera kwa thupi kuli, mwina watsamira khoma ndi phewa limodzi, apo ayi makina amuimika chilili ngati msilikali koma nkhope ili yachisoni, ndipo woonera sadziwa akhulupirire chiti.

Kuzyolika mutu kukapyola muyezo kumasanduka manyazi. Wamanyazi amabisa nkhope, amathawitsa maso kumbali ngati pali wina akumuyang'ana, pomwe wachisoni maso ake amangogwera pansi chapafupi osayang'ana kanthu kenikeni. Nde ngati nkhope mukuifuna ioneke lembani `head slightly bowed, face still visible`.

Ndikafuna munthu wonyadira akutuluka wamatama, wooneka ngati akunyoza aliyense. Ndikonze bwanji?

Ili nde lovuta kuposa la chisoni, chifukwa kunyadira sikukwanira pankhope pokha. Jessica Tracy ndi Richard Robins anasonyeza mu 2004 kuti anthu amazindikira kunyadira akaona zinthu zingapo pamodzi, kumwetulira kwakung'ono, mutu wopendekera kumbuyo pang'ono, chifuwa chotambasuka, ndi manja ogwira m'chiuno kapena okwezedwa m'mwamba. Mukachotsa thupi nkusiya kumwetulira kokha watsala ndi munthu wongosangalala. Kenako mu 2008 Tracy ndi David Matsumoto anayang'ana zithunzi za osewera judo pa mipikisano ya Olimpiki ndi Paralimpiki ya 2004, nkupeza kuti ngakhale omwe anabadwa osaona akapambana amatukula chifuwa ndi kukweza manja, akagonja mapewa amagwa. Ndiye kuti kaimidwe kameneka woonera chithunzi chanu akamva ngakhale musalembe kalikonse pansi pake.

Matama amabwera ndi zinthu zitatu, ndipo kawirikawiri ndi inu nomwe mwazipempha osadziwa. Choyamba chibwano chakwera kwambiri mpaka munthu akuyang'anira pansi kudzera pamphuno. Chachiwiri kumwetulira kwa mbali imodzi, liu loti `smirk` limabweretsa chimenechi, ndipo mlomo wokokera mbali imodzi anthu amauwerenga ngati kunyoza. Chachitatu kamera yoikidwa pansi kwambiri ikuyang'ana m'mwamba, `low angle`, yomwe imamukuza munthu nkumuchititsa kuoneka ngati bwana woopsa. Chimodzi mwa zitatuzi sichiononga, koma zikakumana zonse munthu wanu wasanduka mdani wa mufilimu.

Mankhwala ake ali m'maso ndi m'masaya. Kumwetulira kochokera pansi pamtima kumakweza masaya nkupanga timakwinya m'mbali mwa maso, nde lembani zimenezo, ndipo milomo ikhale yotseka mbali zonse zofanana. Mapewa abwerere kumbuyo koma akhale omasuka, osati okwera kufika m'makutu. China chomwe ine ndimachiona chothandiza kuposa zonse nkupatsa maso ake chinthu choyang'ana. Munthu wotukula chifuwa akuyang'ana inu woonera amaoneka ngati akukuderera, koma yemweyo akuyang'ana mwana wake kapena tebulo lomwe wangomaliza kukhoma, aliyense amaona kuti akunyadira.

Tapatseni chitsanzo chathunthu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tiyeni titenge bambo wa zaka za m'ma 50, wavala shati yoyera yopinda manja, ali m'chipinda chosadzaza zinthu, wagwira kalata. Tikufuna zithunzi ziwiri za bambo yemweyu, china kalatayo yabweretsa uthenga woipa, china ikunena kuti mwana wake wakhoza mayeso. Ambiri amayamba chonchi:

```
a very sad 55 year old man holding a letter, emotional, heartbreaking
```

Apa mwatchula maganizo katatu koma chooneka ndi maso ndi bambo ndi kalata basi. Yembekezerani chipinda chamdima, nkhope yokwinyika mopyola, mwina dzanja litaphimba maso. Tsopano tichotse mau atatu aja, tiyike thupi poyamba, kenako manja, kenako nkhope, pomaliza kamera ndi kuwala:

```
55 year old man in a white shirt, sitting on the edge of a wooden chair,
elbows on knees, back rounded, shoulders slumped, a letter hanging loosely
from one hand, head slightly bowed, inner eyebrows raised, eyes lowered,
lips pressed together, medium shot, eye level, soft daylight
```

Onani kuti kuwala ndasiya kwa masana wamba mwadala. Ngati chisoni chikuoneka dzuwa likuwala ndiye kuti thupi lagwira ntchito yake, mdima mutha kuonjezera pambuyo ngati mukuufunadi. Kalatayo ikulendewera, sakuiwerenga, wamaliza kale kuwerenga, ndipo kanthu kakang'ono kameneko ndi komwe kakuuza woonera kuti nkhani yafika kale. Mukalemba `reading a letter` mupeza munthu woweramira pepala ali tcheru, amene akuoneka wotanganidwa osati wosweka mtima.

Pangani zithunzi zinayi kapena zisanu ndi zitatu, musaweruze ndi chimodzi. Tinene kuti zambiri zatuluka bambo akuoneka wotopa ngati wachokera kuntchito. Ndiye kuti thupi lamveka koma nsidze sizinamveke, chifukwa thupi la wotopa ndi la wachisoni nlofanana, chosiyanitsa chili pankhope. Sunthani mau a nsidze abwere kutsogolo, pafupi ndi pomwe mwatchula bamboyo, kapena apatseni mphamvu yoonjezera. Zikatuluka akuoneka ngati akupemphera kapena akugona, maso atsekeka, sinthani `eyes lowered` ikhale `eyes open, staring at the floor`. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi ndipo nambala ya `Seed`, yomwe makina amayambirapo kupanga chithunzi, ikhale yomweyo, mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chomwe chathandiza.

Tsopano bambo yemweyu wanyadira:

```
55 year old man in a white shirt, standing tall beside a wooden chair,
chest open, shoulders back and relaxed, holding a letter against his chest,
chin slightly lifted, small closed-mouth smile, raised cheeks,
crinkles around the eyes, looking off to the side, medium shot, eye level
```

Shati ndi yomweyo, mpando womwewo, kalata yomweyo. Chasintha ndi msana, komwe kalata ili, chibwano ndi masaya. Kalata yomwe imalendewera ija tsopano yakanikizidwa pachifuwa, ndipo ndasankha zimenezi m'malo mogwira m'chiuno chifukwa bambo wonyadira mwana wake sali ngati wothamanga amene wawina mpikisano, kunyada kwake nkofatsa. Akatuluka akuseka mano onse pamtunda, `smile` yapambana `closed-mouth`, ikani `teeth, grin` ku `Negative prompt`, malo olembamo zomwe simukufuna zioneke. Akatuluka wamatama, chepetsani chibwano, mwina kuchotseratu mau a chibwanowo nkusiya chifuwa ndi mapewa zigwire ntchito.

Musadabwe nkhope ikasiyana pakati pa zithunzi ziwirizi ngakhale `Seed` ili imodzi, pulompiti ikasintha kwambiri munthunso amasintha, kusunga nkhope imodzi ndi nkhani ina yofuna chithunzi cholozera kapena LoRA, kafayilo koonjezera kophunzitsa makina nkhope imeneyo.

Nsidze ndazifotokoza bwinobwino koma pachithunzi sizikuoneka olo pang'ono

Onani kaye kuti nkhopeyo ndi yaikulu bwanji pachithunzipo. Stable Diffusion sijambula pa mapikiselo mwachindunji, imagwira ntchito pa kachithunzi kamkati kochepetsedwa ka 8 mbali iliyonse, ndiye chithunzi cha 512 ndi 512 mkatimo chimakhala 64 ndi 64. Mutu wa munthu wamkulu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 kapena 8 a msinkhu wake, nde mukapempha thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mutu umatenga mapikiselo ngati 60, omwe mkatimo ndi timabokosi 7 kapena 8 basi. M'timabokosi timeneto mukwane tsitsi, maso, mphuno, pakamwa ndi chibwano, kupendekeka kwa nsidze kupeza malo pati? SDXL, mtundu wina wa Stable Diffusion wopanga zithunzi za 1024 ndi 1024, imawirikiza kawiri malowo mbali iliyonse, zimathandizako koma sizithetsa vuto.

Choncho sankhani msanga chomwe chinyamule maganizo. Pa `full body shot` dalirani msana, mapewa ndi manja, mau a nkhope achepe. Pa `close-up` nsidze ndi milomo ndi zomwe zikulamulira, koma kunyadira kumavutika pamenepo poti chifuwa sichikuoneka. `medium shot`, kuyambira m'chiuno kukwera, ndi pomwe zonse ziwiri zimakwana, nchifukwa chake ndaigwiritsa ntchito m'chitsanzo chija. Ngati mukufunadi thupi lonse ndi nkhope yomveka, pangani chithunzi kaye, kenako jambulaninso nkhope yokha ndi `inpaint`, mutalemba mau a nkhope okhaokha, `Denoising strength`, muyezo wa momwe makina asinthire nkhopeyo, ili cha pa 0.3 mpaka 0.5. Mukaikweza kwambiri abwera munthu wina pakhosi la munthu wanu.

Ndinalemba `not smiling` koma akumwetulirabe, eti makinawa ndi osamva?

Ambiri mwa iwo liu lokana salimva bwino, amangoona kuti mwatchula kumwetulira nkukubweretserani. Lembani chomwe milomo ikuchita, `mouth closed, lips flat`, ndipo chomwe simukufuna chipite ku `Negative prompt`, kapena pa Midjourney kumapeto:

```
--no smile, tears
```

Mamodelo atsopano omwe amawerenga ziganizo zazitali amamvako bwino kukana, komabe kunena chomwe chilipo kumagwira paliponse.

Ndiye kuti mau oti `sad` ndi `proud` ndisamawalembenso?

Ayi sikuti ndi oletsedwa. Nthawi zina liu limodzi loikidwa kumapeto, thupi ndi nkhope zitafotokozedwa kale, limamangirira zonse pamodzi, makamaka pomwe munthu akutulukabe wotopa m'malo mwa wachisoni. `quiet sadness` kumapeto kwa pulompiti ya bambo uja sikuononga kanthu. Chomwe chimaononga nkuliika poyamba, kulibwereza, kapena kuliunjikira anzake ngati `emotional`, `powerful`, `deeply moving`, mau omwe akunena zomwe woonera ayenera kumva m'malo mwa zomwe zili pachithunzi. Yesani nokha ndi `Seed` imodzi, china chili ndi liulo china chilibe, muone chomwe lasintha. Mukaona kuti lasintha kuwala ndi mitundu koma nkhope ili chimodzimodzi, lichotseni.

Mamodelo a zithunzi za anime ndi osiyanako, ambiri anaphunzira pa timau tifupitifupi tolekanitsidwa ndi makoma, ndiye `looking down`, `slouching`, `hands on hips` amamva msanga kuposa chiganizo chokongola. Kumenekonso `smug` ndi liu lamphamvu kwambiri ndipo limapereka matama enieni, musaligwiritse ntchito pofuna kunyadira kwabwino.

Ndilembe zinthu zingati? Ndikachulukitsa zina zikumasowa

Zinayi kapena zisanu zokhudza maganizo zimakwana, chimodzi cha msana kapena mapewa, chimodzi cha manja, chimodzi cha mutu, ziwiri za nkhope. Stable Diffusion 1.5 ndi SDXL amawerenga mau kudzera mu gawo lawo lotchedwa CLIP, lomwe limalandira tizidutswa ta mau 77, totchedwa matokeni, pa nthawi imodzi, ndipo liu limodzi litha kudya tokeni imodzi kapena zingapo, chizindikiro cha koma nachonso chimawerengedwa. Mapulogalamu ena amadula pulompiti yaitali m'zigawo kuti yonse ilowe, koma ngakhale zitero zomwe zili koyambirira zimakonda kumveka kwambiri. Nde ngati mwayamba ndi mizere itatu ya nsalu ya jekete ndi mtundu wa mabatani, mapewa akugwa aja mwawaika kumchira, musadandaule akapanda kugwa.

Mu AUTOMATIC1111 ndi ComfyUI, mapulogalamu oyendetsera Stable Diffusion, mutha kukweza mphamvu ya mau chonchi:

```
(inner eyebrows raised:1.2)
```

Pakati pa 1.1 ndi 1.3 mpabwino. Mukafika cha ku 1.5 nkhope imayamba kupotoka, nsidze kuthawira pachipumi, munthu nkuoneka wodabwa kapena wamantha. Komanso yang'anani ngati simunapemphe zinthu zotsutsana, `chin lifted` ndi `looking down at the letter` pamodzi zimabala khosi lopindika modabwitsa, kapena kuyang'ana konyoza kuja.

Ndili ndi anthu awiri pachithunzi chimodzi, wina wawina wina waluza, koma onse akutuluka ndi nkhope imodzi

Zimachitika kwambiri, mau a munthu mmodzi amadumphira kwa mnzake, kumwetulira kwa wopambana kumapezeka pa wogonja. Chothandiza nkuwapatsa matupi osiyana kotheratu omwe sangasakanikirane, wina waimirira manja m'mwamba, wina wakhala pansi mutu uli pamawondo, ndipo aliyense mumufotokoze m'chiganizo chakechake pamodzi ndi chovala chake, wa malaya ofiira waima, wa malaya oyera wakhala. Kumanzere ndi kumanja makina amasokoneza kawirikawiri, musadalire zimenezo zokha. Nkhope zikasakanikiranabe zikonzeni imodzi imodzi ndi `inpaint`.

Mau ndayesa onse koma msana sukupindika momwe ndikufunira

Pali malire a zomwe mau angachite, ndipo mamodelo ambiri anakhuta zithunzi za anthu oima mowongoka akuyang'ana kamera, nde amakokera komweko. Apa gwiritsani ntchito ControlNet, chida choonjezera pa Stable Diffusion chomwe chinatuluka mu 2023, ndi gawo lake la OpenPose. Mumaipatsa chithunzi cha munthu ali mu kaimidwe komwe mukufuna, olo mudzijambule nokha ndi foni mutakhala pampando zigongono pamawondo, iyo imatolapo timizere ta mafupa nkukakamiza munthu wanu kutsata timizere timeneto. Dziwani kuti timizereti tili ndi mfundo pakhosi, m'mapewa ndi m'chiuno koma pakati pa msana palibe, choncho kupindika kwa msana sikugwidwa bwino, makamaka mukajambula chakutsogolo. Jambulani chammbali pang'ono kuti mutu uoneke kuti wapita kutsogolo kwa mapewa, mau a `back rounded` muwasiyebe mu pulompiti, ndipo ngati sizikukwanirabe sinthani mupite ku `depth`, yomwe imatenga maonekedwe a thupi lonse osati mafupa okha.

Ndidziwa bwanji kuti zatheka, poti ine ndikudziwa kale chomwe ndimafuna?

Maso anu ndi okondera, mwalemba nokha pulompiti nde muona chisoni olo pomwe palibe. Phimbani nkhope ndi chala muone ngati thupi lokha likunena kanthu, kenako phimbani thupi muone nkhope yokha. Chepetsaninso chithunzicho chikhale kakang'ono ngati ka pa pulofailo, pamenepo chotsala ndi mzere wa msana ndi mapewa basi. Mukatero tumizirani munthu yemwe sanaone pulompiti, musamufunse kuti kodi akuoneka wachisoni, chifukwa angovomera, mufunseni kuti bamboyu chamuchitikira nchani. Akati watopa bwererani ku nsidze, akati wakwiya mkati mwa nsidze mwatsika, akati akudzimva tsitsani chibwano ndipo maso muwachotse pa kamera.